Masilaidi 22, mphindi zisanu ndi chiponde cha alamu anga

Munthu sangawerenge uku akumvetsera. Maso akangogwera pa chiganizo, makutu amayamba atseka kaye mpaka chiganizocho chithe. Tonse timazidziwa zimenezi, koma tikatsegula PowerPoint timaziiwala, ndipo alamu anga nawonso anaziiwala pamene ankakonzekera mpikisano wa mabizinesi ang'onoang'ono. Iwowa amapanga chiponde. Mtedza amagula kwa alimi a ku Mchinji, amasankha, kukazinga, kupera ndi kuthira m'mabotolo pakhomo pawo pomwepo, ndipo chipondecho n'chokoma ndithu. Okonza mpikisano anawapatsa mphindi zisanu zoti aime pamaso pa majaji n'kufotokoza chifukwa chimene akufunira K18 miliyoni. Iwo ananditumizira masilaidi 22 pa WhatsApp, ndi kauthenga kakuti, "Alamu, mungoonako ngati mitundu ikugwirizana."

Ndinawayankha kuti za mitundu tiziona pomaliza. Manambala amene ndilembe pano ndawasinthako pang'ono poti ndi bizinesi ya eni ake, koma mavuto a masilaidiwo ndawasiya mmene analili, chifukwa ndi omwewo amene ndimawaona pafupifupi pa masilaidi onse opemphera ndalama amene anthu amandionetsa: mawu ochuluka, kusowa pamene diso lingafikire, ndi maonekedwe osinthasintha. Anthu amawatenga ngati mavuto atatu osiyana. Ine ndimaona kuti awiri oyambawo ndi vuto limodzi, lakuti mwini wake sanasankhe chimene akufuna kunena, ndipo lachitatulo limangoulula kumene masilaidiwo anatoledwa.

Silaidi yachinayi inali ndi mutu wakuti `Market Overview`. Pansi pake panali mizere isanu ndi inayi, uliwonse woyamba ndi kadontho, mawu onse pamodzi 143, zilembo zake za saizi 11. Munali mbiri ya ulimi wa mtedza, ubwino wa chiponde m'thupi la mwana, kukwera kwa mitengo ya katundu wochokera kunja, kukula kwa mizinda, ndi zina zotero. Palibe chabodza chimene chinalimo. Koma tiyeni tiwerengere. Munthu wolankhula Chingerezi modekha pagulu amatchula mawu pakati pa 130 ndi 150 pa mphindi. Ndiye kuti silaidi imodzi yokhayo, alamu akanati aiwerenge mokweza, ikanadya mphindi yathunthu pa mphindi zisanu zija, kutsala masilaidi 21 kuti agawane mphindi zinayi. Iliyonse ikanapeza masekondi osapitirira 12.

Komatu chimene chimachitika m'chipindamo n'choipa kuposa masamuwa. Kuwerenga chamumtima n'kofulumira kuposa kulankhula. Silaidi ikangotuluka, jaji amathamangitsa maso mpaka pansi pamene wolankhula adakali pa mzere wachiwiri. Akamaliza amakhala kuti wamva kale zonse zimene mukufuna kunena, ndiye amayang'ana foni kapena kutsegula mapepala a wopikisana wotsatira. Wina amayesa kuchita zonse ziwiri, kuwerenga ndi kumvetsera, n'kutuluka wosagwira chilichonse. Richard Mayer, katswiri wa za kaphunziridwe wa ku University of California ku Santa Barbara, anaziyesa zimenezi kwa ophunzira. Anapeza kuti anthu amamvetsa bwino akamaona zithunzi uku wina akufotokoza pakamwa, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso pa sikirini. Kulemba zonse zimene munene sikuwonjezera mphamvu, kumangogawa maganizo a womvera pawiri.

Nanga saizi 11 ija inabwera bwanji? Alamu anakanitsitsa kuti sanaisankhe, ndipo ankanena zoona. PowerPoint ili ndi khalidwe lakuti mawu akachuluka m'bokosi, imachepetsa yokha zilembo kuti zonse zikwanemo, osakufunsani. Mumangolemba, iyo ikungofinya. Pa laputopu, nkhope ili pafupi ndi sikirini, zonse zimawerengeka bwinobwino, moti simudziwa kuti mwalowa m'mavuto kufikira tsiku limene silaidiyo yaponyedwa pakhoma ndi pulojekita yotopa, makatani osatseka bwino. Choyamba chimene ndinachita ndi kuzimitsa khalidweli: kudina bokosi la mawu ndi batani lakumanja, `Format Shape`, `Text Options`, kupita pa `Text Box` n'kusankha `Do not Autofit`. Mukatero mawu akachuluka amasefukira kunja kwa bokosi, n'kuoneka monyansa. Kunyansako n'kofunika, chifukwa ndi kumene kumakuuzani kuti mwalemba zambiri.

Guy Kawasaki, amene anagwirapo ntchito ku Apple kenako n'kukhala woika ndalama m'makampani ongoyamba kumene, ali ndi lamulo lotchuka la 10/20/30: masilaidi khumi, mphindi makumi awiri, ndipo zilembo zisachepere saizi 30. Mphindi makumi awirizo sizinawakhudze alamu, poti iwo anali nazo zisanu zokha. Za saizi 30 sindizitsatira ngati lamulo la m'Malemba. Manambala a pa tchati ndimawalola kutsika mpaka 18 kapena 20. Koma phindu la lamuloli lili poti pa saizi 30 simungakwanemo mawu 143. Mumakakamizika kusankha. Ndipo kusankhako ndi kumene alamu ankakuzemba.

Titakhala pansi ndinawafunsa kuti, "Jaji akatuluka m'chipindamo, pa silaidi iyi akumbukire chiyani? Chimodzi chokha."

Iwo anati, "Zonsezi n'zofunika, alamu. Akandifunsa za mitengo ya zakunja ndiyankha bwanji ngati sindinalembe?"

Apa ndi pamene pali gwero la mawu ochuluka. Si ulesi ayi, koma mantha. Munthu amaopa kuiwala, amaopa kuoneka ngati sanafufuze, ndiye silaidi imasanduka pobisalira. Pa mantha onse awiriwo mankhwala alipo, ndipo salira kutaya chilichonse. Zimene mukuopa kuiwala zimapita m'bokosi la `Notes` pansi pa silaidi, zimene mumaziona nokha pa laputopu kudzera mu `Presenter View` pamene anthu akuona silaidi yokha. Zimene mukuopa kufunsidwa zimapita pa masilaidi osungira kumapeto, kuseri kwa silaidi yotsekera. Jaji akafunsa, mumalemba nambala ya silaidiyo pa kiyibodi n'kudina `Enter`, yatulukira. Munthu amene wayankha funso potulutsa tebulo lokonzeratu amaoneka wodziwa zinthu kuposa amene anaunjika tebulolo pamaso pa anthu asanafunsidwe.

Atalimbana nazo kwa kanthawi, alamu ananena okha kuti chofunika pa silaidi ija n'chakuti m'masitolo amene amaperekako katundu, chiponde chochokera kunja n'chodula kwambiri kuposa chawo, ndipo makasitomala ayamba kufunsa cha konkuno. Basi. Mizere isanu ndi inayi ija inasanduka chithunzi chimodzi chimene anajambula okha pa shelefu ya golosale, mabotolo awiri ataima moyandikana, mitengo yake ikuoneka, ndi chiganizo chimodzi pamwamba. Mbiri ya mtedza inatuluka yonse. Majaji a ku Malawi safunika kuuzidwa kuti ku Mchinji amalima mtedza.

Pali malire ake pa zimenezi, ndipo ndiwanene ndisanapitirire. Masilaidi amene mukuimirira nawo pamaso pa anthu ndi osiyana ndi amene mukutumiza pa imelo kuti munthu awerenge yekha muofesi. Otumizidwawo alibe inu woti muwafotokoze, choncho amafunika ziganizo zokwanira, ndipo chithunzi cha mabotolo awiri chopanda mawu sichingamuthandize wowerengayo. Cholakwika n'kufuna kuti fayilo imodzi igwire ntchito zonse ziwiri. Imatuluka yolemera kwambiri kwa omvera, komanso yoperewera kwa owerenga. Ngati okonza mpikisano akufuna muwatumiziretu kanthu, pangani mafayilo awiri, kapena atumizireni chikalata cha masamba awiri cholembedwa bwino.

Vuto lachiwiri ndi limene linandipweteka mtima, chifukwa linatsala pang'ono kukwirira chinthu chabwino koposa m'bizinesi yonseyi. Silaidi yachisanu ndi chinayi, mutu wake `Operations`, inali ndi zinthu zisanu ndi chimodzi: chithunzi cha makina, chithunzi cha amayi akusankha mtedza, tebulo laling'ono, tchati chozungulira cha magawo asanu ndi awiri, logo pakona, ndi mizere inayi ya mawu pansi. Zonse zinali zazikulu mofanana. M'mizere inayiyo, mawu ena anali a zilembo zonenepa, ena ofiira, ena odulidwa mzere kunsi, mwina theka la mawu onse linali litatsindikidwa mwanjira ina. Ndipo pa mzere wachitatu, pakati pa chiganizo, panali mfundo iyi: alamu amapanga mabotolo 1,200 pa mwezi, pamene masitolo akufuna 3,000.

Ndinawauza kuti, "Alamu, bizinesi yanu yonse ili pa mzere uwu. Anthu akufuna katundu amene inu mukulephera kupanga. Woika ndalama aliyense amafuna kumva zimenezi, ndiye mwazibisiranji kunsi kuno?"

Sanazibise dala. Chinachitika n'chakuti chilichonse chinkaoneka chofunika, chilichonse n'kupatsidwa malo ofanana. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Diso la munthu likafika pa silaidi limathamangira chimene chikusiyana ndi zinzake: chachikulu kuposa zonse, chowala kuposa zonse, nkhope ya munthu, kapena chimene chaima pachokha pakati pa malo opanda kanthu. Kutsindika kumagwira ntchito chifukwa cha kusiyanako. Mukanenepetsa liwu limodzi pa mawu makumi awiri, diso limapita pomwepo. Mukanenepetsa khumi, palibenso lotsindikidwa. Pa silaidi ya alamu, chimene chinkakoka diso chinali tchati chozungulira chija, poti ndicho chinali ndi mitundu yambiri, koma chinkangoonetsa mmene ndalama zogulira zipangizo zimagawikira, nkhani yosafunika pa mphindi imeneyo.

Kukwirira mfundo yaikulu kunsi kwa silaidi si matenda a ife a mabizinesi ang'onoang'ono okha. Pa 16 Januwale 2003, chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chikunyamuka, chidutswa cha chophimba thanki yamafuta chinathothoka n'kumenya phiko lamanzere. Chombocho chidakali kumwamba, mainjiniya a kampani ya Boeing anakonzera akuluakulu a NASA, bungwe la America loona za m'mlengalenga, masilaidi ounika ngati kumenyako kunali koopsa. Silaidi ina inali ndi mutu womveka wolimbitsa mtima. Koma kunsi kwake, m'tizilembo tating'ono, munali mfundo yakuti zoyeserera zimene ankadalira zinachitika ndi chidutswa cha makyubiki inchi 3, pamene chimene chinamenya chombocho ankachiyerekeza kuti chinali cha makyubiki inchi 1,920, kukula kuwirikiza ka 640. Pa 1 Febuluwale chombocho chinaphwasuka pobwerera kudziko, anthu onse asanu ndi awiri n'kufa. Edward Tufte, katswiri wa kaonetsedwe ka manambala ndi matchati, anaisanthula silaidi imeneyi mzere ndi mzere, ndipo bungwe lofufuza ngoziyo linaika kusanthulako mu lipoti lake. Silaidi siinaphe anthu payokha, zifukwa zinali zambiri. Koma ikusonyeza kuti wowerenga wotanganidwa amakhulupirira mutu ndi zilembo zazikulu, zazing'onozo amaziyesa zongowonjezera.

Ndiye poti mutu ndi umene aliyense amawerenga, n'kulakwa kuutaya pa mawu ngati `Operations`, `Market Overview` kapena `Financials`. Amenewa ndi maina a nkhani, sakunena kanthu. Mutu uzikhala chiganizo chonena mfundo, choti munthu akhoza kuvomereza kapena kutsutsa. Silaidi ija tinaipatsa mutu uwu: `Shops want 3,000 jars a month. We can make 1,200.` Pansi pake tinaika tchati cha mizati iwiri yokha, waufupi wotuwa, wautali wa mtundu wa lalanje, manambala atalembedwa pamwamba pa mizati yomweyo kuti diso lisamapite uku ndi uku kufunafuna tanthauzo la mitundu. Mizere ya kumbuyo kwa tchati tinachotsa, kabokosi kofotokoza mitundu tinachotsanso. Theka la silaidiyo linatsala loyera, ndipo alamu anadandaula kuti ikuoneka ngati sanamalize. Malo oyerawo ndi amene amachititsa kuti mzati walalanjewo uoneke.

Masilaidi amene oyambitsa Airbnb, kampani yothandiza anthu kupeza malo ogona kudzera pa intaneti, ankapemphera ndalama kampaniyo ikuyamba kumene anafalikira pa intaneti, ndipo anthu amawatchula kawirikawiri pa nkhani ngati iyi. Si okongola kwenikweni. Koma taonani silaidi yawo yofotokoza mmene adzapezere ndalama: pamwamba pali chiganizo chimodzi, chakuti amatengapo 10 pa 100 iliyonse pa malonda onse ochitika, ndipo pansi pali manambala atatu akuluakulu. Munthu akhoza kutsutsa manambalawo, koma sangasokonezeke pa zimene akuuzidwa.

Kuti mudziwe ngati silaidi ili ndi pofikira diso, njira zake n'zosavuta. Pitani pa `View` n'kusankha `Slide Sorter`, masilaidi onse aoneke ngati timakadi tating'ono. Pa kakadi kalikonse payenera kukhala chinthu chimodzi chimene chikuonekabe ngakhale chachepa chonchi. Ngati kakadiko kakungooneka ngati phala la imvi, silaidiyo ilibe mutu weniweni. Njira ina ndi kuonetsa silaidi pa `Slide Show` kwa munthu amene sadziwa bizinesi yanu, kwa masekondi atatu okha, n'kudina `B` kuti sikirini ide, kenako n'kumufunsa chimene waona. Tinayesa ndi mwana wa alamu wa Fomu 2. Pa silaidi yakale anati waona "chozungulira cha mitundumitundu". Pa yatsopano anati, "Akufuna zambiri kuposa zimene amayi amapanga." Palinso `Grayscale` pansi pa `View` pomwepo, imene imachotsa mitundu yonse. Alamu anali ndi mitu ina yachikasu pa malo oyera, ndipo mitundu itachoka, mituyo inangotsala pang'ono kuzimiririka. Pulojekita m'chipinda chowala imachita chimodzimodzi.

Tsopano za mitundu zija zimene anandifunsa poyamba. Ndinadina `Replace Fonts`, imene ili pansi pa `Replace` pa `Home`, osati kuti ndisinthe kanthu, koma poti kabokosi kake kamaonetsa mndandanda wa mafonti onse amene ali m'fayilo. Munali Calibri, Aptos, Times New Roman, Arial ndi ina yopindikapindika ngati ya pa khadi laukwati. Mitu ina inali pakati, ina kumanzere. Wobiriwira analipo wa mitundu itatu. Logo inkadumpha, apa ili kumanja pamwamba, apa kumanzere pansi, apa yatambasuka m'mbali moti botolo la chiponde likuoneka ngati chitini cha nsomba. Ndinawafunsa kuti masilaidiwa anachokera kuti, ndipo anandiuza mosabisa: ena anali a pempho la ngongole la chaka chatha, ena anawapangira mnyamata wina wa pakoleji pa Canva, ena anakopera kwa mnzawo wa bizinesi ya uchi n'kungosintha mawu.

Mukakopera silaidi kuchokera m'fayilo ina, PowerPoint imakupatsani kusankha pakati pa `Use Destination Theme` ndi `Keep Source Formatting`. Yachiwiriyo imabweretsa silaidi pamodzi ndi mafonti, mitundu ndi chimango cha kumene yachokera. Mukachita zimenezi kuchokera m'mafayilo atatu, fayilo yanu imakhala ndi zimango zitatu zikukhalira limodzi. Kutambasuka kwa zithunzi nako kuli ndi chifukwa chake: masilaidi akale anali a muyeso wa 4:3, atsopano ndi a 16:9, otambalala, ndipo munthu akafuna kudzaza malo otsalawo amakoka chithunzi cha m'mbali m'malo mokoka pakona.

Wina anganene kuti izi n'zachabechabe, woika ndalama amayang'ana phindu, osati fonti. N'zoona kuti palibe jaji amene adzalembe kuti wakana chifukwa cha Times New Roman. Koma kusinthasintha kumawononga m'njira ziwiri. Yoyamba, diso limayesa kuti kusintha kulikonse kuli ndi tanthauzo. Mutu ukasuntha malo kapena mtundu ukasintha, womvera amataya kamphindi kufufuza chifukwa chake, ndipo pa mphindi zisanu timphindi timeneti n'tambiri. Mtundu wa lalanje pa mzati uja umagwira ntchito pokhapokha ngati masilaidi onse ndi odekha, lalanje n'kumatulukira pa chinthu chofunika chokha. Yachiwiri ndi yokhudza chakudya makamaka. Alamu akuuza anthu kuti botolo lililonse limatuluka lofanana ndi linzake, kuti amasankha mtedza mosamala kuopa chuku, kuti ali pa ndondomeko yopezera chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Akunena za kusamala uku pakhoma pakuoneka kusasamala. Jaji mwina saziganizira mwadala, koma zimamulowa.

Ndipo kumene kuli mafonti osiyana, kawirikawiri kumakhalanso manambala osiyana, chifukwa zonse zimachokera ku kukopera komweko. Ndalama imene alamu ankapempha inalembedwa mwanjira zitatu: `MK18m` pa silaidi yachiwiri, `K18,000,000` pakati, `MWK 18 million` kumapeto. Zimenezo ndi maonekedwe chabe. Koma pa silaidi ya 17, imodzi mwa za Times New Roman zochokera ku pempho la chaka chatha, panalembedwa K15 miliyoni, mtengo wakale wa makina. Jaji mmodzi yekha akanaona zimenezi, mphindi za mafunso zikanathera pa kufotokoza kusiyanako, ndipo nambala ina iliyonse ikanayamba kukayikiridwa. Ndikamaunika masilaidi a munthu, amene fonti yake ndi yachilendo ndimawawerenga kawiri.

Kukonza kwake sikuyenda silaidi ndi silaidi, mungatope pachabe. Mumalowa pa `View`, `Slide Master`, kumene kuli chimango chimene masilaidi onse amatengera. Kumanzere mumaona zimango zonse zimene zinalowa mozemba zija. Tinasiya chimodzi. Pamenepo tinaika fonti imodzi, Arial, mitu saizi 32 kumanzere, mawu ena 24, logo kakang'ono pakona imodzi, ndi mitundu itatu: wakuda wa mawu, wotuwa wa zinthu zothandizira, lalanje wotengera pa chizindikiro cha botolo lawo. Kenako silaidi iliyonse imapatsidwa `Layout` ya chimango chimenechi, n'kudina `Reset`. Apa pali msampha. `Reset` imangokonza mawu amene ali m'mabokosi a chimango. Ngati munthu anajambula yekha bokosi ndi `Text Box` n'kulembamo mutu, bokosilo silimvera chimango ngakhale pang'ono. Mumawazindikira potsegula `Outline View`: silaidi imene ili ndi mutu pa sikirini koma pa mndandandawo ikuoneka yopanda kanthu, mutu wake ndi wojambulira. Masilaidi onse ochokera ku Canva anali otero, ndipo tinachita kuwalembanso.

Arial sindinaisankhe chifukwa cha kukongola. Pa mipikisano yambiri sakulolani kulumikiza laputopu yanu, mumapereka fayilo pa fulashi n'kuitsegulira pa kompyuta ya eni malo. Ngati kompyutayo ilibe fonti yanu, imaika ina m'malo mwake, mizere n'kuduka pena, mitu n'kugwera pa zithunzi. Aptos, imene Office yatsopano imayambira, ikhoza kusowa pa kompyuta ya Office yakale. Arial imapezeka paliponse. Ndipo pa fulashi pomwepo pazikhala PDF ya masilaidi omwewo, imene sisintha maonekedwe kulikonse kumene yatsegulidwa.

Pa chinthu chimodzi sitinagwirizane. Ine ndinkafuna chithunzi cha amayi osankha mtedza chichoke, poti mphindi zinali zochepa. Alamu anakana, nati amayi amenewo ndiwo amachotsa mtedza woola umene umabweretsa chuku, ndipo akufuna majaji awaone. Tinamvana zoti chikhale, koma pachokha, chodzaza silaidi yonse, ndi chiganizo chimodzi chonena za kusankha mtedza ndi manja. Ine ndikuonabe kuti masekondi amenewo akanathandiza kwambiri pa silaidi ya phindu, koma bizinesi ndi yawo.

Pomaliza panatsala masilaidi khumi, ndi ena asanu osungira kumbuyo. Muyeso wotsiriza umene ndimagwiritsa ntchito ndi kuwerenga mitu yokhayokha motsatizana, osayang'ana china chilichonse, kuona ngati ikupanga nkhani. Ya alamu inkayenda motere: chiponde chakunja chadula, chathu n'cha mtedza wa ku Mchinji wosankhidwa ndi manja, masitolo akufuna mabotolo 3,000, ife tikupanga 1,200, chotchinga ndi makina operera, botolo lililonse limatisiyira K900, K18 miliyoni igula makina aakulu ndi mtedza wa pa nyengo yokolola, mabotolo 1,800 owonjezerawo abweretsa K1,620,000 pa mwezi, ndalamayo ibwerera pasanathe chaka.

Titawerenga chonchi, mokweza, alamu anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Koma 3,000 ameneyu akandifunsa umboni?"

Linali funso loyenera. M'masilaidi 22 aja nambala imeneyi inkabisala pakati pa mawu, palibe akanaifunsa, komanso palibe akanaiona. Tsopano inali pamutu, ya saizi 32, ndipo masamu onse a masilaidi otsatira anatsamira pa iyo. Nditafunsa kumene inachokera, zinapezeka kuti ndi zimene eni masitolo ankanena pakamwa alamu akapita kukasiya katundu: bweretsani makatoni ambiri, awa sachedwa kutha. Panalibe oda yolembedwa ngakhale imodzi. Ndiponso K900 ija inawerengedwa pa mtengo wa mtedza wa nthawi yokolola, osati wa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene mtedza umasowa n'kukwera mtengo. Zimenezi PowerPoint singakonze. Masiku amene anatsala mpikisano usanachitike alamu sanawathere pa laputopu. Anayenda m'masitolo amene amaperekako katundu kupempha kuti aliyense alembe kakalata, kosainidwa ndi kudindidwa, konena mabotolo amene angatenge pa mwezi. Atawonkhetsa makalatawo anapeza 2,400, ndipo ndi nambala imeneyi imene tinaika pamutu wa silaidi ija, n'kuwerengeranso phindu ndi miyezi yobwezera ndalama kuchokera pamenepo.